Mimba Itandiukira Panjira ya ku Insaca

Pali zinthu zina zimene mphunzitsi sayenera kuulula, koma poti ana amene ndinkawaphunzitsa chaka chimenecho anakula kale, lekani ndinene.

Ndinali nditangotumizidwa kukayamba ntchito pasukulu ina ku Insaca. Ndinakwera basi ku Cuamba m'mamawa, mvula itagwa masiku atatu. Basi za njira imeneyi, zija timati shapa, sizidziwa wotchi, zimanyamuka zikadzaza. Kobradoro, bambo wotolera ndalama ndi kulongedza anthu, anatipanikiza anayi pampando wa anthu atatu, matumba ndi njinga atamanga padenga. Ine ndinagwera pakona yakumbuyo, pamene kuti utuluke mpaka anthu asanu ndi mmodzi ayambe atsika. Podikira ndinagula pawindo mazira atatu owiritsa ndi mahewu a m'botolo lakale (musandifunse kuti mazirawo anawiritsidwa liti).

Pambali panga panakhala mayi wachikulire wofunda mpango kumutu. Ndinangoti, "Mwadzuka bwanji, mayi?" Iwo anaseka, nati ataona tayi yanga ankayesa kuti ndimangolankhula Chipwitikizi. Macheza anayambira pomwepo.

Anandiuza kuti amagula matemba ouma kunyanja kukagulitsa ku Cuamba, ndiponso kuti utsikana wawo wonse anathera ku Malawi pothawa nkhondo. Zawo zinathera pomwepo, chifukwa ine nditatsegula pakamwa sindinatsekenso. Ndinafotokoza za maphunziro anga, za mmene ndikawongolere ana a ku Insaca, mokweza ndithu kuti basi yonse imve. Apolisi atatiimitsa kuti aone ziphaso, ndinatulutsa changa pamodzi ndi kalata ya ntchito imene sanandifunse n'komwe.

Titayenda maola atatu tinatitimira m'matope. Amuna tonse tinatsika kukankha, ine ndi tayi yanga yomwe. Ndikuganiza kuti kukankhako ndi kumene kunadzutsa mazira aja. Titangobwerera m'basi, m'mimba munayamba kubangula. Thukuta lozizira linatsika pamsana. Basi ikagunda dzenje, ine ndinkatseka maso n'kupemphera.

Kuimitsa basi kunali kovuta. Dalaivala anali atangomukanira bambo wina, ati mitambo ikusonkhananso ndipo tikachedwa tikapeza madzi atakwera pakamlatho kakutsogolo. Komanso ndikanafuula bwanji, anthu onsewo atadziwa kale kuti ndine mphunzitsi watsopano? Nkhaniyo ikanafika kusukulu ine ndisanafike.

Mayi aja anandiyang'ana kumaso. "Mwananga, chichokere ku Cuamba simunapume kulankhula. Mwangoti zii bwanji?"

Ndinawanong'oneza mawu amodzi okha: mimba.

Sanafunsenso china. Anamenya chitsulo cha basi ndi chikhatho. "Dalaivala, imani! M'mimba mwanga mwavuta. Mukapanda kuima, basi yanuyi mukatsuka nokha."

Anthu anafa nacho chiseko. Dalaivala ananyinyirika koma anaima, mzere wonse n'kutsika kuti mayiwo adutse. Ali pakhomo mayiwo anatembenuka, nanena mokweza kuti mawondo awo ndi ofooka ndipo pansi m'poterera, choncho aphunzitsi awagwire dzanja ndi kuwanyamulira botolo la madzi.

Tinalowa m'munda wa chimanga, iwo akutsimphina ngati wodwaladi. Basi itangobisika anandilozera kuseri kwa chulu, naima pansi pa mtengo wa mango atandifulatira. Za kuseri kwa chuluko ndikusiyirani nokha. Dalaivala analiza hutala katatu, ndipo katatu konse mayiwo ankakuwa kuti akadalipo, asawafulumize ngati alibe amayi ake.

Titabwerera, anthu anawaseka mpaka tinawoloka kamlatho kaja, madzi akunyambita kale m'mphepete. Iwo ankangoseka nawo. Chimene chinandipweteka n'chakuti ine ndiye ndinatamandidwa. Bambo wina anati achinyamata aulemu otere anasowa, ndipo ana ake awiri adzawaika m'kalasi mwanga. Ndinayankha kuti zikomo (inde, ndinavomera ulemu wakuba, nkhope ili gwa).

Njira yotsalayo ndinawasiya mayi aja alankhule iwo. Anandilangiza kuti ndikafika ndikawiritse madzi, ndithiremo shuga ndi kamchere pang'ono, ndizimwa pang'onopang'ono, ndipo zikapitirira ndipite kuchipatala.

Tinafika ku Insaca dzuwa litapendeka. Ndikulimbana ndi kobradoro kuti anditsitsire chikwama padenga, mayiwo anakwera njinga yamoto yolowera kunyanja. Anangokweza dzanja, basi.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti tayenda limodzi maola asanu ndi awiri, iwo akudziwa mpaka magiredi a mayeso anga, koma ine dzina lawo sindinafunse. Ndakhala ndikuwayang'ana pamsika wa ku Cuamba, pamzere wa ogulitsa matemba, osawapeza. Masiku ano ndikapereka moni m'basi, chotsatira ndimafunsa dzina. Kungoti munthuyo akangoyankha, ndimapezeka ndayamba kale kunena zanga.