Ndime ya Elube

LOLEMBA

Lembani bwino, alamu. Zilembo zikuluzikulu.

Akulemba ndi mlamu wanga Esitere, mng'ono wa malemu mkazi wanga Elube. Ine sukulu ndinalekeza nditangodziwa kulemba dzina, ndipo maso atopa. Koma mutu ulipo!

Loweruka mwana wanga Edina akwatiwa kutchalitchi ndi Chifuniro, mlangizi wa zaulimi wochokera ku Dedza. Zovala zoyera, keke, zonse. Pamudzi pano sizinachitikepo.

Ntchito agawana kale. Ankhoswe ndi a Likaka, malume ake a Edina. Mpunga wa ku Chilwa, a Likaka. Mbuzi, a Likaka. Kulankhula, a Likaka. Ine ndine mkamwini, ndinabwera kuno kudzakwatira, ndiye ntchito yanga ndi kuvala jekete.

Ayi. Ine ndapeka nyimbo. Kwaya iyimba potuluka m'tchalitchi. Ndime zake:

Yoyamba, kuthokoza Mulungu.
Yachiwiri, sukulu ya Edina mpaka Fomu 4.
Yachitatu, mkamwini wanga ndi njinga yake yamoto.
Yachinayi, ya m'Chilomwe, monga ankayimbira makolo.
Yachisanu, malangizo a m'banja.
Yomaliza, ya Elube.

Chuni si changa. Ndi kanyimbo kopanda mawu kamene Elube ankang'ung'udza posinja. Napolo atatsika m'phiri la Michesi anamutenga pamodzi ndi nyumba, Edina ali kusukulu, ine ndili kumsika. Thupi sitinalipeze. Manda alibe. Dzina lake limveke tsiku limeneli, basi. Sindikupempha china.

Esitere akuti: "Ndime zonsezi, anthu adzadya nthawi yanji?" Musalembe zimenezo. Alemba.

LACHIWIRI

Kwaya ikuphunzira madzulo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Ndavala jekete.

Mphunzitsi wa kwaya ndi a Namaona, telala wa pamsika. Ndawayimbira kolasi kawiri, kachitatu akuyimba okha:

Tulukani tiwaone,
Edina ndi Chifuniro,
Awiri nyumba imodzi,
Mulungu wawadalitsa.

Akuti yabwino! Mzere woyamba ayambitse mtsikana mmodzi, ena onse avomere. Akuyamba ndi a sopulano, chifukwa ndiwo anyamula chuni. Kenaka aluto, pansi pang'ono. Kenaka tena. A besi sakuwapatsa mawu onse, akungobwereza "tiwaone, tiwaone" ngati achule a m'dambo. Atawaphatikiza onse, tsitsi langa lanyamuka. Elube, ukumva?

Kenaka telala watulutsa sizasi.

Akuwomba m'manja mzere uliwonse. Akuti chuni chili ndi malo asanu ndi atatu, mawu akapitirira pamenepo oyimba amaluma lilime. Mzere wanga woti "Anayenda wapansi mvula ndi dzuwa mpaka kutenga setifiketi" wafika pakati manja atatha kale.

"Madala, uwu si mzere, ndi ulaliki."

Chinanso: kuchokera kuguwa kufika pakhomo, akwati amayenda ndime zitatu zokha, kolasi pakati. Ndati aziyenda pang'onopang'ono. Akuti amayenda kale ngati bilimankhwe, kupitirira apo ndiye aima.

Ndime ya sukulu yapita. Setifiketi ndidzaipachika pakhomo, aliyense aione yekha.

LACHITATU

Mawu a nyimbo amayenera kumvedwa ndi mkulu wa mpingo isanalowe m'tchalitchi. Sindimadziwa. Takhala pabenchi, a Namaona akuwerenga, mkulu wa mpingo watsinzina.

Watsegula maso pa njinga yamoto. Akuti choyamba, m'nyumba ya Mulungu sititama katundu. Chachiwiri, njingayo ndi ya boma. Chachitatu, ili kugalaja kuyambira mwezi wa Meyi.

Yapita.

Tsono ya m'Chilomwe. Mkulu wa mpingo akuti alendo a ku Dedza sadzamva, aziganiza kuti tikuwanena. Ndati tiwamasulira. Wayesa kwaya. Kalanga ine! Ana obadwira pansi pa phiri lomweli, agogo awo anawoloka kuchokera ku Mozambiki ndi mitolo pamutu, koma lilime lakana. Ndime yonena kuti "landirani mlendo" yatuluka chinthu chimene sindingathe kuuza Esitere kuti alembe. Amayi awiri okalamba amene amasesa panja aseka mpaka kugwira tsache ngati ndodo.

Yapita nayonso.

Zatsala: kuthokoza, malangizo, Elube. Zitatu ndendende, kuguwa mpaka pakhomo. Ndawerengera kuti ya Elube igwera pakhomo penipeni, pamene anthu akunja amva nawo. Mwina Mulungu amadulira dala.

Ya malangizo a Namaona aisoka bwino, sindikana:

Mukayambana usiku,
Dzuwa lisakupezeni,
Mbale imodzi mudyere,
Mawu okoma musunge.

Yanga inali ndi za ngongole ndi za apongozi. Akuti zimenezo n'za anankungwi.

Ndagona bwino.

LACHINAYI

Lero aphunzira ndime yomaliza. Iyi ndinaiyeza ndekha ndi manja m'munda wa nandolo, palibe poidula:

Elube, mwana wakula,
Wavala zoyera lero,
Madzi anakutengani,
Koma mbewu inatsala.

A Namaona awomba m'manja, mizere yonse yakwana. Apereka kwa sopulano. Pofika kwa aluto, mawu akuchepa. Mayi wina wakhala pansi, wafunda chitenje kumaso. Wina wamutsatira. Ndinaiwala kuti madzi aja sanalowe m'nyumba mwanga mokha. M'kwaya imeneyi muli amene anataya mayi, muli amene anataya ana.

A besi okha ndiwo apitiriza "tiwaone, tiwaone," mpaka azindikira kuti atsala okha.

A Likaka anali pamsewu ndi mbuzi ya ukwati. Amva zonse. Abwera chingwe chili m'manja.

"Alamu, Elube ndi mlongo wanga, ndinamufuna m'matope sabata yathunthu pamodzi ndi inu. Koma Loweruka ndi ukwati. Mukufuna mwana atuluke m'tchalitchi ndi nyimbo ya maliro?"

Ndati si maliro, ndikungomuuza mayi wake kuti mwana wakula. Mbuzi yalira.

Ndaimirira, ndakonza jekete, ndati ngati ndime imeneyi ichoka, nyimbo yanga yonse ndatenga. Ndanyamuka. Ndisanafike pamjigo ndikumva kumbuyo atsikana akuyimba kolasi. Pamjigo, ana otunga madzi akuyimba kolasi. Nyimbo ukaipereka umailanda bwanji? Si khasu.

Esitere akuti a Likaka sanalakwe. Akutinso ine sindinalakwe. Ndiye walakwa ndani? Lembani funso limenelo, muike chizindikiro chake.

LACHISANU

Sindikupita kukwaya. Ndanena, ndanena.

Ndapita masana, kukangoona.

Akuchimuna afika pa lole, ndipo abweretsa kiyibodi ndi batire la galimoto. Woyimba wake wavala magalasi akuda. Wadina kabatani, m'kati mwa chinthucho mwatuluka ng'oma zokha popanda munthu woomba. Akuti chuni chathu chikugona, achithamangitse kuti anthu avine, ndiponso chigwire ntchito pa perekaniperekani.

Elube ankasinja modekha, munsi kukwera, kupuma, kutsika. Uyu akusinja ngati chigayo.

A Namaona andikokera pambali. "Madala, musadandaule. Nyimbo yopanda mbiri ya munthu ndiyo imakhalitsa. Tingochotsa mayina, n'kuika ena." Akuganiza kuti akunditonthoza.

Ndapempha kuti mwina ndiyimbe ndekha ndime ija kumadyerero. Akuti bambo wa mkwatibwi sayimba, amakhala pampando wakutsogolo n'kumaoneka wokondwa.

Madzulo Edina wabwera ndi madzi osamba, mutu uli m'mpango kuti tsitsi lisaonongeke. Wagwada.

"Bambo, ndamva kuti mwakangana ndi malume. Chavuta n'chiyani?"

Ndamuyang'ana. Chipumi cha mayi wake chenicheni. Mawa lomweli akhala wa ku Dedza, chifukwa mwamuna wake amusamutsira kwawo ndipo wa boma sakhala chikamwini. Ndimuuze za madzi usiku wa ukwati wake?

Ndati tinakangana za mbuzi. Ndati ndi yowonda.

Waseka. Mbuziyo ndi yowondadi.

LOWERUKA

Esitere watopa, akuti ndifupikitse. Chabwino.

Jekete: yabwino.
Edina: ngati mngelo, wazyolika monga mwa mwambo.
Mkamwini wanga: thukuta.
Ulaliki: wautali kuposa ndime zanga zonse, koma palibe anawomba m'manja kuuyeza.

Potuluka, kiyibodi yayamba. Mtsikana wayambitsa "Tulukani tiwaone," tchalitchi chonse chavomera, ndi a ku Dedza omwe. Nthungululu! Ndime ziwiri zatha akwati asanafike pakhomo, ndiye angobwereza kolasi. Pakhomo penipeni, pamalo a Elube, akuyimba "tiwaone, tiwaone."

Ine m'mbuyo mwa akwati, ndikuoneka wokondwa.

Ndimayang'ana khosi la Edina. Ndimati mwina atembenuka, mwina chuni chimukumbutsa mtondo uja, iye atakhala pambali akutola misere. Sanatembenuke. Anali wamng'ono, ndipo kiyibodi imathamanga.

Kumadyerero nyimboyo aivina kanayi. A Likaka avina kuposa onse, akuponya makwacha m'lichero.

Pojambulitsa, Edina wandinong'oneza: "Bambo, nyimbo ija yokoma bwanji! A Namaona ali ndi luso."

Ndati alidi nalo.

Alamu, mwasiyiranji kulemba? Akuti cholembera chikuvuta.

LAMULUNGU

Lole yanyamuka m'mawa mapemphero asanayambe. Pamwamba matiresi, ndowa, mtondo watsopano. Setifiketi watenga. Msomali watsala pakhomo.

Fumbi litatha, a Likaka andigwira paphewa. Akuti ndisaganize zobwerera kwathu, munda ndilimebe. Ndathokoza. Kwathu kuti? Amene ankandidziwa kumeneko anatha.

Nditatuluka m'tchalitchi ndamva kwaya pansi pa mango. Loweruka likudzali kuli ukwati wina ku Mkhumba, awaitana. Chuni chomwe chija, popanda kiyibodi, chifukwa yabwerera ku Dedza. Akuyimba modekha, munsi kukwera, kupuma, kutsika.

Tulukani tiwaone,
Aginesi ndi Lemani.

Esitere waima panjira. Akuti: "Ine chunichi ndinachizindikira Lolemba lomwe mukung'ung'udza, musananene n'komwe kuti n'cha yani. Achemwali ankachiyambira pamwamba pang'ono." Sabata yonse osandiuza!

Ndiye telala ananena zoona. Mzere wachiwiri ndi malo opanda mwini, aliyense amaikapo ake. Ine ndi Elube sitinayimbiridwepo. Ukwati wathu unali wa ankhoswe awiri ndi nkhuku imodzi, mvula ikugwa.

Ku Mkhumba ndipita. Sanandiitane, koma paukwati sathamangitsa nkhalamba ya jekete. Ndikakhala kumbuyo, kufupi ndi khomo. Iwo akafika pa mayina, ine ndiziyimba anga chapansipansi. Lembani, alamu, zilembo zikuluzikulu:

Tulukani tiwaone,
Elube pamodzi nane.

Ndawomba m'manja kuyeza. Zikukwana.