Moni wa pa kaseti kwa azakhali

Lolemba

A Mwale, amene amagulitsa zitenje ndi shuga uku ndi uko kwa malire, abwera ndi uthenga wochokera kwathu ku Kasungu. Azakhali akuti: "Mukamufunse mwana wanga uja ngati ku Lundazi anamudula lilime."

Dzinja lachiwiri lino osawapatsa moni. Ndiwo anandilera mayi atamwalira. A Mwale akuti maso atha, miyendo nayonso ikukana, ndipo anena motsitsa mawu kuti ndisadikire kukolola. Kupita ndekha sikutheka, kuchipatala kuno komwe ndimagwira ntchito tchuthi andikaniza mpaka chaka chino cha 1997 chithe. A Mwale abwerera Lamulungu m'mawa.

Njira zilipo zitatu: telegalamu, khadi, kaseti. Amuna anga akuti telegalamu chifukwa ndi yachangu. Iwo ngakhale pemphero la chakudya amalifuna lachangu.

Lachiwiri

Kupositi. Telegalamu amalipiritsa liwu lililonse, ndiye moni wanga ndamudula mpaka watsala mafupa: MONI TILI BWINO. Kalaliki andiyang'ana. "Amayi, muziba kuti pepala iyi ikafika kumunzi bantu bayamba kulila basanabelenge?"

Akunena zoona. Ndikukumbukira ija inabwera kuchokera kumigodi ndili wamng'ono. Mtengamakalata anatsika njinga patali, chipewa chili m'manja, azakhali n'kukhala pansi pomwe anaimapo, mphale ili m'lichero. Bambo anali atapita. Chiyambire tsiku limenelo, pepala lofulumira kwathu ndi maliro. Ndingaphe nkhalamba ndi mawu oti tili bwino.

Telegalamu ayi.

Lachitatu

Makhadi a Khirisimasi ali m'sitolo ya pafupi ndi msika. Pachikuto pali nyumba yokwiririka ndi chinthu choyera ngati ufa, ndi kambalame. Mkati muli ndakatulo yachizungu. Ndagula imodzi, ndi yokongola ndithu.

Kufika kunyumba ndiyamba kuganiza. Azakhali sadzaiona. Adzaisisita, adzainunkhiza, kenako adzaitana Esinati, mpongozi wawo, kuti awerenge. Esinati akamawerenga kalata amalumpha mayina a anthu amene sakuyankhulana nawo mwezi umenewo. Komanso malo olembapo ndi ochepa ngati chikhatho. Ndalemba "Okondedwa azakhali, kaya inu kumeneko," ndatchula anthu anayi, pepala latha. Amalume a kutsidya sanalowe. Akamva kuti sanalowe, nkhani yake idzafika mpaka pamaliro anga.

Kale azakhali ankati moni wa m'kalata ali ngati ndiwo zotumiza m'mbale ya eni: zimafika zitazizira, wina atalawako panjira.

Khadi ndaiika pawindo. Mawa kaseti.

Lachinayi

NyaZimba, mnansi wathu, wandibwereka wailesi yake ya kaseti. Mabatire ali momwemo, akuti akali ndi moyo. Kaseti ndi ya amuna anga, ya nyimbo za rumba, aipereka nkhope ili ngati akupereka impso. Timabowo tiwiri ta pamwamba pake ndatseka ndi timapepala, apo ayi batani lofiira silitsika. Lofiiralo uyenera kulidina pamodzi ndi loyimbira, zala ziwiri nthawi imodzi.

Ndatseka chitseko, ndadina. Tepi ikuzungulira, ine kukamwa gwa. Ndazimitsa. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu ndazindikira vuto: ndakhala pampando. Sindinayambe ndapatsapo azakhali moni ndili pamwamba. Ndamanga chitenje, ndagwada pamkeka patsogolo pa wailesi, mawu abwera okha.

"Muli bwanji azakhali?" Kenako ndakhala chete, kuwasiyira mpata woyankha. Iwo sayankha msanga. Amayamba ndi kupuma, kenako msana, kenako mvula, kenako nkhuku. Ndawerengera zonsezo mumtima ndisananene kuti "Ifenso tili bwino."

Amuna anga asuzumira pawindo: "Wayamba kupembedza wailesi?"

Ndabweza tepi ndi cholembera kuti mabatire asathe, ndamvetsera. Zamveka bwino. Tambala wa NyaZimba walowamo kawiri, koma azakhali sadana ndi tambala.

Lachisanu

Mbiri yamveka. Ofuna kulowa m'kaseti:
amuna anga, amene ayankhula ngati akuwerenga nkhani za pawailesi;
NyaZimba, amene azakhali sawadziwa n'komwe ("Monire amama, ndine mwenecho wa wayilesi");
amayi atatu a kwaya yathu, ndi nyimbo ya mavesi onse.

Mbali yoyamba yadzaza. Mbali yachiwiri ndasungira mayina a kumudzi, kuyambira akulu kutsika m'munsi, nyumba ndi nyumba monga ndinkayendera potuma moto. Potchula ndikuona njira yonse: mtengo wa mango wa pachitsime, khola la amalume, khonde lomwe azakhali ankandimetera tsitsi ndi lumo ali kuyimba.

Madzulo a Mwale abwera kudzamva. Pakati apukusa mutu. Agogo a Nabanda amene ndawafunsa za chifuwa anaikidwa mwezi wa Okutobala. Mkazi wa Yohane amene ndamuyamikira ulemu anabwerera kwawo, pali wina tsopano. Kaseti imamvedwa ndi mudzi wonse pabwalo, sungabise.

Ndabweza, ndajambulanso mbali yonseyo. Mawondo akuwawa. Kumapeto kwatsala karumba pang'ono, kakubwera nditangotha kupepesa maliro. Ndakafufuta pojambula phokoso la mvula.

Loweruka

Kumudzi wailesi ilipo ya aphunzitsi, koma mabatire aliyense amabwera ndi ake. Ndagula atsopano oti apite ndi kaseti. Ndati ndiwayese kaye.

Mayo ine! M'wailesi mukuyankhula kamwana. Mawu ang'ono, othamanga, ngati kamtsikana kotumidwa kukapempha mchere. Amuna anga akumveka ngati mbuzi yaing'ono. Kwaya ikuyimba ngati ikuthamangira kukakwera basi.

A Mwale, amene abweranso kudzamva, aseka mpaka kutsamira khoma, kenako afotokoza. Mabatire a NyaZimba anali ofooka, tepi inkayenda pang'onopang'ono pojambula. Pomvetsera ndi omwewo zonse zinkamveka bwino. Atsopanowa akuikoka mwamphamvu, ndiye mawu akwera. Mipata ija ndinasiyira azakhali nayonso yafupika. Adzangofika pamsana, ine ndalowerera kale.

Ndati ndijambulenso ndi atsopanowa. Pomwepo amuna a NyaZimba afika ndi njinga ndi chingwe cha mphira: wailesi ikufunika ku ukwati ku Magodi, ibwera Lachiwiri. Ndazungulira nyumba zonse za mzere wathu. Wailesi ina ilipo imodzi, koma batani lofiira linathyoka kalekale.

Lamulungu

A Mwale afika tisanapite kutchalitchi. Kaseti ndaikulunga m'pulasitiki chifukwa cha mvula, pamodzi ndi mabatire, sopo ndi mchere. Ndawapempha kuti ndikafunsa funso azikaimitsa tepi mpaka azakhali amalize kuyankha, ngakhale afike pa nkhuku. Avomera. Ndawapemphanso akafotokoze kuti mawu anga enieni si amenewo, ndine mayi wa imvi tsopano.

"Zimenezo sindikanena," atero akumanga katundu panjinga yawo. "Akaimvera lero, mawa, mkuja, mpaka mabatire afooke. Muzikakula pang'onopang'ono."

Apita. Ndaima pamsewu mpaka njinga yakhota.

Ndiye zikhala choncho. Azakhali anandiona komaliza ndi maso abwino ndili wamkulu kale, koma amene akukagogoda pakhomo pawo ndi kamtsikana kothamanga pakamwa, kosadikira akulu amalize. Akakakalipira, ndikudziwa. Akatero masiku angapo, kenako tsiku lina mawu akatsika, akafika pa ine wa lero, n'kupitirira, mpaka ndikakhale nkhalamba inzawo yoyankhula mokoka.

Azakhali akhalepo mpaka pamenepo, basi.