Nkhondo ya Thebulo ndi Ambulera pa Chinyunyu

Tcherani khutu, inu ana a m'mbali mwa msewu waukulu wopita kum'mawa, inu amene mumasamba madzi otentha osakoleza moto, pakuti ndifuna kukamba za masiku aja magetsi ankabwera ngati mlendo wamanyazi, chaka chimene dzuwa la Okutobala linafewetsa phula mpaka patapata kumatsalira pamsewu mwiniwake atapita, pamene pa Chinyunyu panabuka nkhondo yakuti agalu omwe anaona kuti n'kwabwino kukagona kuseri kwa tchalitchi.

Pa siteshoni pathu, pamene maminibasi amaima, panali ngwazi ziwiri. Ina inali Fridah, mwana wa mlongo wanga, Mkazi Wosaopa Mafuta Owira, Mwini Thebulo la Miyendo Inayi, wokazinga zitumbuwa. Inzake inali Agness, Lilime la Lezala, Mfumukazi ya Munkoyo, Mwini Ambulera Yaikulu Yofiira. Thebulo linali la uyu, mthunzi unali wa uyo, ndipo chiyambire utsikana wawo beseni la zitumbuwa ndi mabotolo a munkoyo, thobwa lathu la mizu lija, zinkakhala pamodzi ngati mphuno ndi mlomo. Agness ankatokosa kuyambira m'mawa. Fridah, amene mawu amamufika mochedwa ngati basi ya nthawi ya mvula, ankangoseka n'kunena kuti, "Iwe chabe."

Tsono linafika tsiku latsoka. Minibasi inaima potsetsereka n'kuyamba kubwerera yokha, ndipo kondakitala wake Reuben, Mbuye wa Chitseko Chosatsekeka, anadumpha kufunafuna mwala woika kutayala.

"Ba Reuben, musavutike," anatero Agness. "Tengani chitumbuwa cha Fridah."

Reuben, mwana wopanda mwambo, anatengadi chimodzi n'kuchiika kutayala. Ndipo, abale anga, minibasi inaima.

Anthu anaseka mpaka agogo ena m'galimotomo anatsamwa ndi nzimbe. Fridah anatsegula pakamwa, mawu osabwera. Anatsekanso. Kenako, pamaso pa fuko lonse, anagwira thebulo lake n'kulikoka kulichotsa mumthunzi. Agness anadikira "iwe chabe" wake wa masiku onse, ndipo atamusowa, anapendeketsa ambulera kuloza kwina. Umo ndi mmene maufumu amagawanikira.

M'mawa mwake anapatsana moni wa "mwauka bwanji, ba Agness" ndi "tauka, ba Fridah", anthu amene ankatchulana "iwe" akali opanda mano, ndipo aliyense womva anadziwa kuti magazi ali pafupi. Gulu la nkhondo la Thebulo linapsa ndi dzuwa, zitumbuwa n'kuuma kuposa kale, chinthu chimene ambiri sankakhulupirira kuti n'chotheka. Gulu la Ambulera linali ndi mthunzi koma mabotolo ali pansi m'fumbi, mbuzi n'kumawagwetsa ngati asilikali oledzera. Sabata isanathe Agness analengeza, akuyang'ana mtengo wa mango koma mokweza kuti thebulo limve, kuti Loweruka apinda ambulera yake akagulitsire ku msika wa ku Rufunsa, kwa mkulu wake, kumene anthu amadziwa kuseka.

Lachisanu Fridah anandipeza ndikuchapa kumunsi kwa kasupe, kumene madzi otentha aja amakhala atazirala moti dzanja lingalowe. Maso ake ankawala ngati wapeza chuma.

"Ba anti, nayipeza ansa. Naiganiza sabata yonse."

"Tiye nayo."

Anaimirira ngati mlaliki. "Nizamuuza kuti: vitumbuwa vanga vigwira minibasi, koma iwe unakangiwa kugwira mwamuna mmodzi chabe."

Paja mwamuna wa Agness anapita ku mlatho wa Luangwa kukagula nsomba zouma, n'kukhalira komweko ndi mayi wogulitsa nsombazo. Ndinaseka, sindinama, mpaka sopo anapita ndi madzi. Mkondowo unali wosulidwa bwino.

"Azaseka ndani?" ndinamufunsa.

"Siteshoni yonse."

"Nanga Agness?"

Anakhala pansi pa mwala, kuwala kwa m'maso kuja kutazima.

"Ndiye si nthabwala iyo, mwana wanga, ndi maliro. Ansa ili ngati munkoyo. Ya lero ndi yotsekemera, ana amwa. Ikagona masiku isanduka mowa, anthu amenyana. Yako yagona sabata. Taya."

"Manje nizakamba chani?"

"Fridah, chitenge chako chabooka kumbuyo, nkhuku ingapitemo."

Anatembenuka kudziyang'ana. "Sichinabooke."

"Wafa kale. Ndani wakufunsa zoona? Munthu akakuponyera, usakane, usafotokoze. Vomera, uwonjezepo, mpaka bodza lake lichepe pamaso pa lako. Ukanati, nkhuku yapita kale, manje niyembekeza mbuzi. Tiyenso. Mutu wako uli ngati dzungu."

Anayang'ana kumwamba, milomo ikugwedera. Ndinamuwaza madzi.

"Basi yapita. Ansa yopusa ya pomwepo iposa yanzeru ya mawa. Uyankhe anthu akali kuseka. Mutu wako uli ngati dzungu."

"Ndiye... ndiye musayandikire na mpeni, ba anti."

"Ehe. Wayamba kukhala munthu."

Tinachita zimenezi mpaka zovala zinauma pa udzu. Ndinamunyoza mapazi, mawu, kayendedwe, ngakhale mphuno imene anatengera kwa ine ndemwe. Pakati pake ndinkamuuza zina. Ukabwezera, menya katundu wake, munkoyo umene angaukonze mawa, osati chimene chimamuliza akakhala yekha. Usamenye kuti agwe, umusiyire poti agwire akuponyerenso, pakuti wopha mnzake ndi mawu amodzi mawa amacheza ndi mbuzi. Ndipo uziyang'ana maso. Pakamwa pamaseka ngakhale munthu akumva kuwawa, koma maso sanama.

"Nanga iye akanimenya pachilonda?"

"Apo ndiye pazaoneka ngati ufuna kuwina kapena ufuna mthunzi."

Linacha Loweruka, tsiku limene ana a ana athu adzalikamba akasowa nkhani. Ambulera inali itapindidwa, yomangidwa ndi mphira, itagona pa mabotolo ngati mtembo wa mfumu. Agness, Lilime la Lezala, anakhala pa chigubu kudikira minibasi ya Reuben. Fridah anafika ndi beseni pamutu, n'kulitula pa thebulo mwaphokoso dala. Ogulitsa tomato anasiya kuwaza madzi. Ine ndinakhala pa chitsa, pamalo oyenera akuluakulu a nkhondo, kutali ndi ngozi.

Lilime ngati la Agness silingaone beseni n'kukhala chete. Linayesa, linalephera.

"Ba Fridah, mwabweretsa miyala ya lelo?"

Ulendo uno Fridah sanachedwe. "Nabweretsa. A kampani ya msewu aoda lori yonse, Mande tiyamba kumanga mlatho."

Phokoso linadutsa pakati pa ogulitsa tomato. Agness anakweza nsidze ngati munthu amene walumidwa ndi nkhuku yake yomwe.

"Chatsala ni madzi osakanizira simenti," anapitiriza Fridah. "Munkoyo ulipo?"

"Ulipo. Koma simenti ya chani? Fulawa yako ikwana."

"Ikwana. Ni madzi ako chabe niopa. Dzulo ninaona kapenta asambira mu botolo."

"Uyo ni mbasela, sinilipiritsa. Iwe amene agula kwa iwe umupatsa chani, nyundo?"

Mwamva? "Iwe" anali atabwerera kwawo osagogoda. Mikondo inkadutsana m'mwamba ngati ziwala, ina yakuthwa, ina yobuntha, koma palibe inagwa pansi osabwezedwa. Minibasi inafika, Reuben anaitana a ku Rufunsa, koma okwera anatsika kudzaonerera, ndipo dalaivala anazimitsa injini kuti amve bwino.

Koma kuseka kwa khamu ndi kachasu, ndipo Agness analedzera nako. Anaimirira pa chigubu n'kutambasula dzanja ngati phungu.

"Anthu a Chinyunyu, mufuna umboni? Funsani ba Patson. Analawa chimodzi, mpaka lelo sanabwele."

Patson ameneyu anali dalaivala wa lori ya matabwa amene analonjeza Fridah kuti atuma ankhoswe ikatha mvula. Mvula inatha, inabweranso, inathanso. Pa Chinyunyu dzinali sitinkalitchula Fridah ali pafupi.

Kuseka kunaduka pakati. Agness anamva mawu ake omwe atatuluka kale, ndipo dzanja lija linatsika pang'onopang'ono mpaka pakamwa. Ndinatembenukira kwa Fridah. Mkondo wa ku Luangwa unali pa lilime, wonoledwa sabata yonse, ndipo tsopano palibe akanamudzudzula pouponya. Anayang'ana Agness m'maso. M'menemo munalibe nkhondo, munali mantha okha.

"Ba Patson sanathawe," anatero Fridah. "Akali kutafuna. Akatsiriza azabwera na ankhoswe."

Siteshoni inaphulika. Dalaivala anagwa pa hutala. Fridah anadikira kuti phokoso litsike, kenako anaponya kachingwe koti mnzake agwire.

"Kapena nimutumizire munkoyo wako, amezere?"

Agness anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenge. "Usayese, iwe. Angamire."

Kupepesa kwa Lilime la Lezala kunali komweko, kudzibaya ndi lezala lake pamaso pa anthu, ndipo Fridah anakumva. Reuben anafunsa ngati katundu wa ku Rufunsa akwere. Agness anamuuza kuti achotse manja ake akuda pa ambulera ya anthu.

Mtendere unakhazikitsidwa ndi mwambo wonse. Amuna anayi ananyamula thebulo pamapewa ngati mkwatibwi, ulendo wake wosakwana kutalika kwa mphasa, amayi a tomato akuimba nyimbo ya pa Isitala, minibasi ikuliza hutala. Ambulera inatambasulidwa n'kukana, inamenyedwa, n'kuvomera. Ndipo ine monga mboni ndinalamula kuti pangano lisindikizidwe motere: aliyense adye chida cha mdani wake, chonse, anthu akuona.

Fridah anamwa botolo la munkoyo kamodzi n'kunena kuti ludzu latha, chatsala ndi munkoyo. Agness anasankha chitumbuwa chaching'ono pa zonse, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kuchiponya m'kamwa chathunthu.

Anatafuna. Minibasi inanyamuka. Anatafuna. Mthunzi unasuntha.

"Agness," anatero Fridah, akukonza mabotolo pa thebulo, "masaya ako ali monga a mbuzi yakuba mu munda wa abusa."

Agness anatukula chala, maso ali psuu, kuonetsa kuti ansa ilipo koma njira yatsekedwa.

"Osathamanga," anatero Fridah, akumukokera chigubu mumthunzi. "Meza bwino. Nizakuyembekeza."