Komenti ya pa Ukwati wa Asisi aRoza

Lolemba

Asisi aRoza ndi alamu aDomi akwanitsa zaka makumi anayi m'banja. Mwana wawo Mwaka waika positi, chithunzi awiriwo atavala chitenge chofanana pakhonde ku Natuseko. Ndikuwerenga makomenti, mutu ukuwira:

"Congrats mum and dad."
Maluwa.
Maluwa ena ophethira.
Wina walemba "HBD". Tsiku lobadwa la ndani?

Ine ndinakulira m'nyumba imeneyo. Sindiponya duwa ngati munthu wongodutsa. Ndilemba zenizeni, zoti akawerenga adziwe kuti wolemba amawadziwa.

Lachiwiri

Zomwe ndimadziwa za banja ili: asisi anaponyapo wailesi ya alamu m'dilamu la madzi. Alamu anagonapo m'khitchini chifukwa cha mpira. Zonse zoona, koma palibe cholembeka.

Ndayesa ina. Yatalika mpaka kubisika pansi pa "See more", ndipo pobwereza ndapeza kuti ikukamba za ine ndekha: mmene ndinkasesera, mmene ndinkalerera ana awo. Ndafufuta. Ndayesanso, yatuluka ngati ulaliki wa ku seminale ya Mpima. Bandulo yatha!

Lachitatu

Asisi aimba foni. Akuti ngakhale Bana Chanda, neba amene sayankhulana naye chifukwa cha nkhuku, wakomentapo kale. "Iwe m'bale wanga zii. Kapena ukwati wathu ukukuwawa?"

Ukundiwawa! Ine amene sindikudya bwino chifukwa cha komenti yawo!

Ndikupesa tsitsi mokwiya, ndakumbuka. Chaka chimene asisi anathyoka mkono, alamu ankaweruka ku njanji n'kundikhazika pampando, kuphunzirira kuluka pamutu panga kuti akazi awo asapite ku Misa ndi mutu wanyankhalala. Ndinkalira ndi ululu. Ndi imeneyi basi. Nkhani imodzi, yaifupi.

Lachinayi

Ndaponya:

"Asisi, mutathyoka mkono, alamu anaphunzira kuluka tsitsi ndi zala zawo zamafuta a sitima. Mizere inali yokhota, koma munalowa nayo m'tchalitchi osamanga duku. Kuyambira pamenepo ndimadziwa mmene chikondi chimaonekera. Mulungu akusungeni awirinu."

Mitima ikugwa. Mwaka akuti sankadziwa. Asisi ayankha pansi pake kuti akulira. Komenti yanga yakwera pamwamba pa maluwa onse. Bana Chanda ali pansi penipeni, kumene akuyenera.

Lachisanu

Madala opuma ntchito ku njanji aiona. Tinkhope toseka mbwee. Wina walemba "Ba Salon!" Wina akufunsa ngati alamu amaikanso mawigi. Wina wa ku Chililalila akuti atumiza akazi ake mawa m'mawa. Amuna a imvi, ena a m'bungwe la tchalitchi!

Ndayankha mmodzi kuti iye sanatengerepo mkazi wake ngakhale kapu ya madzi. Zaipiraipira. Tsopano mkazi wakeyo akunditukwana mu Chibemba.

Alamu aimba foni. Sanapereke moni. Akuti pamsika anyamata a njinga akuwaitana ba Salon, ndipo ndichotse komentiyo msanga. Ndayesa kufotokoza, adula.

Ndalakwa chimodzi, sindinawafunse kaye. Koma ndinawanyoza ine? Ndinawayamikira!

Loweruka

Ndafufuta, mayankho onse apita nayo limodzi.

Posakhalitsa asisi afika pakhomo panga, thukuta kamukamu. Akuti pa makomenti onse aja inali yokhayo yokamba za iwo, ndipo amafuna akawerengere amayi anzawo a kumphakati. Ndawauza kuti andituma ndi amuna awo. Akuti mutu unali wawo, nkhani ndi yawo, mwamunayo alibepo mawu.

Kufufutako sikunathandizenso. Wina anaijambula kale, ikuzungulira m'gulu la pafoni la parishi.

Mwaka akuti makolo ake sakuyankhulana, uthenga ukudutsira mwa iye. Wailesi m'dilamu sinawagwedeze, koma mizere inayi yanga! Akugwirizana chinthu chimodzi chokha: wolakwa ndine.

Lamulungu

Misa. Ndakhala kumbuyo. Asisi sanandiyang'ane.

Potuluka alamu andikokera pansi pa mtengo wa mango, nkhope ili gwa. Zaululika kuti komentiyo sanaiwerenge n'komwe. Magalasi awo anasweka, anangomva kwa anzawo aja. Akuti ndiwawerengere.

Ndawerenga pa chithunzi cha m'gulu la parishi. Akuyang'ana kumene asisi aima ndi amayi anzawo. Atulutsa kampango, amina. Ndikudikira kupepesa, ngakhale zikomo chabe.

"Mlamu, mwanama pagulu," atero. "Mizere ija inali yowongoka."

Apita kukanyamulira asisi chikwama. Ku chakudya cha masana sindinaitanidwe. Pansi pa positi palibe dzina langa, ndipo silidzakhalapo. Ndazimitsa foni, ndikukachapa.