Chitumbuwa cha Bambo Fulumira

Khalani pansi, ana inu, mumve mmene mwambi wina udayambira. Padali bambo wina woweta nkhuku, dzina lake Fulumira. Adali munthu wabwino ndithu, koma akamva fungo la chakudya nzeru zonse zinkathawira m'mimba.

Tsiku lina m'mawa, iye ali m'khola kukanda gaga wonyowa wa nkhuku zake, mkazi wake, Mayi Nasibeko, adakazinga zitumbuwa zitatu. Chimodzi chidali chachikulu ngati chibakera. Mayiwo adalengeza kuti chachikulucho adya ndi amene ayambe kusamba m'manja.

Fulumira adachilakalaka kwambiri. Adathamangira pampondagiya, chigubu cha madzi chopachika chija chimene chimapendekeka ukaponda kamtengo kapansi. Koma adapeza mwana wake Tiyanjane, wa zaka zinayi, atayamba kale.

Tiyanjane adaponda kamtengo, madzi n'kunyowetsa manja. Adatenga sopo womangirira pachingwe, n'kupaka mpaka thovu lidachita kuti mbuu. Adatikita zikhatho, kuseri kwa manja, pakati pa zala, chala chachikulu ichi ndi chinzake, kenako adakanda zikhadabo pachikhatho. Bambo ake adangoti jegwejegwe kumbuyo.

"Mwanawe, kodi ukuchapa bulangete?"

"Ayi, ababa, ndikuchotsa tizilombo tosaoneka. Timabisala m'zikhadabo, tikalowa m'mimba timatsegula."

Fulumira adayankha kuti tizilombo timaopa anthu a ndevu. Adalowetsa nsonga za zala ziwiri pamadzi a mwanayo, n'kupukutira pabuluku, pomwe padali gaga wina wambiri. Sopo sadamukhudze n'komwe. Adathamangira pakhonde, n'kutsomphola chitumbuwa chachikulu chija mkazi wake asadatembenuke.

Paja chitumbuwa chimakhala ndi mafuta. Gaga yense wa m'manja mwake adamatirira pamenepo, pamodzi ndi kanthenga ndi tina ta m'khola tosatchulika pa chakudya. Ataluma, m'kamwa mudamveka lakalaka. Adalavula, n'kugwetsa chitumbuwacho. Nkhuku zake, poona chakudya chokutidwa ndi gaga wawo, zidachilimbirana mpaka kutha.

Nthawi yonseyi Tiyanjane ankapitiriza kusamba m'manja. Adaponda kamtengo kachiwiri, adatsukuluza thovu lonse, n'kuwaza manja m'mwamba kuti aume okha. Adakhala pamkeka n'kuyamba kudya kachitumbuwa kake mokoma.

Bambo ake adamuyang'ana mwachisoni, malovu ali chuchuchu. Mwanayo adawamvera chifundo. Adawagwira dzanja, adapita nawo pampondagiya, n'kuwasambitsa chala chimodzichimodzi, ndipo pomaliza adawabenthulira kachidutswa. Fulumira adavomera kuti kadali kokoma kuposa chachikulu chija.

Mayi Nasibeko adaseka mpaka misozi. Mnansi wina atafunsa pampanda kuti chachitika n'chiyani, iwo adayankha mawu amene timanena mpaka lero munthu akachita zinthu mwaphuma:

"Fulumira adadya gaga."