Mmene Ndinayendera Mpaka Kufika Dzana

Amene akuti munthu sangayende wapansi mpaka kufika dzana aimirire ndimuone nkhope. Ine ndinafikako, ndipo fumbi lake likadali m'nsapatomu.

Zaka zanga zonse zaulangizi wa zaulimi kuno ku Mzimba ndinkayenda pa mthuthuthu, ngakhale pokagula mchere. Nditapuma ntchito, mutu unayamba kugunda kunkhongo. Dokotala anandimanga lamba pamkono, n'kupopa, lamba n'kuphulika mpaka mbuzi zinabalalika ku Engutwini. Anatenga wina, napukusa mutu. Akuti magazi akuthamanga kwambiri: mapiritsi tsiku lililonse, mchere pang'ono, ndipo ndiziyenda, apo ayi sitiroko.

Yamikani, mwana wanga woyamba, mphunzitsi wandevu zake, ndiye anandiperekeza kuchipatalako. Mayi ake, NyaJere, anatisiya ndi matenda omwewa. M'mawa mwake chichokereni kwa dokotala ndinamupeza Yamikani pakhomo ndi nsapato zofewa ndi botolo la madzi.

"Adada, tiyeni."

"Kuti? Munthu wamkulu kuyenda wopanda kopita, anthu adzati mutu wazungulira. Koma chabwino, lero ndithamanga mpaka ku Edingeni, nkhaniyi ithe."

"Yayi, adada. Mtima sufuna kuudzidzimutsa. Tiyamba pang'onopang'ono mpaka thupi lifunde, tifike pamlatho, tibwerere. Sabata yamawa tidzaonjezera. Muziyenda liwiro loti mutha kuyankhula koma osatha kuimba. Mukamva kufinya pachifuwa, chizungulire, kapena mpweya kubanika, tiima pomwepo, tipite kuchipatala."

"Nanga mapiritsi nditaye?"

"Mukataya, mbwenu ndikuuzani zoona, ndidzalira kawiri. Amama ndinalira kale."

Mawu amenewo anandilasa, ndinavala nsapato.

"Tsono muzilankhula njira yonse," iye anatero, "ndizimva mpweya wanu."

Kundiuza ine kuti ndizilankhula! Masiku oyamba akatumba ankawawa ngati ndapunthidwa, a kabaza ankaima kundimvera chisoni, wa ngolo wina n'kundifunsa ngati kwagwa maliro. Koma miyendo inazolowera, tulo tinayamba kubwera, lamba wa buluku anafuna bowo latsopano, ndipo pofika miyezi yozizira ndinali nditasanduka chinthu china. Mukumva? Ndinkayenda mpaka chithunzithunzi changa chinatopa n'kukwera kabaza, ng'ombe za ku Edingeni zinkasiya msipu kunditsatira pamzere ngati ana a sukulu, ndipo nkhungu ya mumtsinje wa Mzimba inkandiyalira njira yofewa pamwamba pa mitengo, moti ndinkaponda osathyola ndi tsamba lomwe, n'kumapatsana moni ndi akakowa, iwo akuti yewo, ine ndikuti yewo chomene.

Tsiku lina m'mawa, dzuwa lisanapse, tinanyamuka titamwa madzi, ine ndikusimba za chinangwa chimene ndinakumba ndi ng'ombe zinayi. Mapazi anapepuka, msewu unayamba kudzipinda wokha pansi panga ngati mphasa, ndinadutsa lero, ndinalowa dzulo, ndinapeza msika wa ku Euthini umene unali utabalalika kale ukadali wodzaza, ndinagula tomato amene ndinali nditadya kale, ndinapitirirabe mpaka dzana, mpaka zaka zija nyumba zonse zili zaudzu, fodya ali m'zigafa akununkhira, imvi zanga zikuthothoka imodziimodzi n'kuuluka ngati agulugufe. Ndikulumbira!

Pachitsime panali mtsikana atasenza ndowa, madzi akudonthera paphewa. Anali NyaJere, ndi kampata kake ka m'mano. Ndinafuna kumulandira ndowayo, ndikhale komweko, ndisabwererenso. Iye anandiyang'ana kumapazi n'kuseka, nandiitana ndi dzina la mwana wathu monga ankachitira kale.

"Mwayamba kuyenda, a wisi Yamikani? Wererani. Mwana akudikira."

Aka kanali koyamba chibadwire kuti ine ndikhale chete.

Ndinangomva dzanja landigwira pamkono mwamphamvu. Tinali titangodutsa pamlatho, maso a Yamikani ali pakamwa panga.

"Adada! Pachifuwa? Chizungulire? Khalani pansi!"

"Palibe, mwanawe. Ndakumana ndi mayi ako."

Anandikhazikabe pamwala, nandigwira pamtsempha wa padzanja, nandipatsa madzi. Ataona kuti mpweya uli bwino, mwana wanga, bambo wamkulu uja, anatembenukira kumtsinje n'kumapukuta m'maso ndi kolala.

"Adada, namani chilichonse chimene mukufuna," anatero. "Koma musadzakhalenso chete."

Dokotala atandimanganso lamba, sanaphulike. Akuti kuthamanga kwa magazi kwatsika, ndipitirize, mapiritsi osasiya. Ndiye inu mukuti ndine wabodza, ndichepetse pakamwa? Sekani. Mawa m'mawa mwana wanga adzaima pakhomo ndi botolo lake la madzi, khutu lili kwa ine, ndipo ndamukonzera bodza la njovu imene inandibwereka nsapato. Lifika mpaka pamlatho ndi pobwerera.