Mdima wa pa TV ndi Kaseti ya Alamu Anga

Pali zinthu zina munthu amalakwitsa chifukwa cha umbuli, zina chifukwa cha mowa. Ine changachi ndinalakwitsa ndili bwinobwino, masana dzuwa likuswa mtengo, komanso ndikuyesa kuthandiza.

Zinachitika zaka zija zipani zitangochuluka, pomwe masitolo a pa boma ku Petauke, momwe kale munkangopezeka machesi ndi mchere, anadzaza katundu wosadziwika kochokera. Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo m'nyumba yathu munali magetsi ndi ka TV kopanda mitundu. Alongo ake a mkazi wanga, aDaka, anali ndi golosale ku Kacholola m'mbali mwa msewu waukulu. Lachisanu lina masana anatulukira kwathu atanyamula kabokosi. Anali pa ulendo wa ku Nyampande kukagula mtedza, womwe kwathu timati nshawa, ndipo anati adzadutsanso Lamlungu madzulo.

M'kabokosimo munali makina a gemu yolumikiza ku TV. Anafotokoza kuti anagula anayi ku Lusaka, ndipo amabwereketsa kwa anthu a ku Nyimba kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba. Vuto linali lakuti obwerekawo ankabweza makina ali okwiya. Ena ankati gemu zake sizitha, ena ankati zimangotha ngati nyimbo yoduka tepi.

"Alamu, inu ndinu ophunzila," anatero. "Mundipezele imodzi cabe yoti munthu angatsilize pa Ciwelu ndi pa Sondo, ndipo ikatha amvele bwino mumtima. Muwelengenso Cizungu colembedwa kumapeto, mudzaniuze."

Ndinavomera msanga (mawu akuti "ophunzira" amandigonjetsa mpaka lero). Ana anali ku tchuthi kwa agogo awo ku Sandwe, choncho panalibe wondiseka kupatula mkazi wanga, anyina Tisa.

Kulumikiza kokha kunandidyera ola. Umazula chingwe cha eriyo kumbuyo kwa TV n'kulowetsa cha makinawo, kenako umapotokola kabatani kofufuzira siteshoni pang'onopang'ono mpaka chithunzi chituluke m'timadontho tophethira todzaza pagalasi. Kaseti yake inali yachikasu, yolowetsa pamwamba. Ikakana, aDaka anandionetsa kuti umazimitsa, kuizula, kuiuzira kunsi kuti fumbi lichoke, n'kuibwezera. Phunziro limeneli ndinaligwira kuposa ena onse.

Pa kasetiyo panalembedwa kuti muli magemu 999. Ndinatenga kope n'kujambula mizere, poganiza kuti ndiyesa imodziimodzi. Nambala 1 inali ya akasinja. Nambala 2 ya njerwa zogwa kuchokera kumwamba. Nambala 9 inali ya akasinja kachiwiri. Nambala 17 akasinja omwewo, koma akuyambira pamalo ena. Nditafika pa 60 mutu unali utazungulira, ndipo ndinayamba kukayika ngati sindikubwerera m'mbuyo. Anyina Tisa, omwe ankasenda nshawa pamkeka osaoneka ngati akuyang'ana, anati magemuwo alipo asanu ndi atatu basi, enawo ndi omwewo atasintha malaya. Ndinawauza kuti fakitale singaname pa chikuto.

Loweruka m'mawa ndinasankha ya akasinja, poti inali nambala 1 ndipo m'kalasi nambala 1 ndiye wabwino. Umayendetsa kasinja kako pakati pa makoma, kuwombera adani ndi kuteteza linga lako lomwe lili pansi. Adani akatha, gawo lina limayamba. Ndinasewera osadzuka. Chala chachikulu chinatuluka thuza. Dzuwa litapendeka ndinali nditadutsa magawo oposa makumi atatu, ndipo ndinkakhulupirira kuti mapeto ali pafupi.

Kenako panabwera gawo looneka ngati ndikulidziwa. Makoma anali pomwe anali m'mawa. Lotsatira lake chimodzimodzi. Ndinaganiza kuti mwina ndatopa, ndinakasamba kumaso. Nditabwerako zinali zomwezo, kungoti adani achita ukali.

"Awisi Tisa, mwabwelela pomwe munayambila," anatero mkazi wanga. "Iyi ilibe kothela. Ili monga kutapa madzi, mailo munatapa, mailo mudzatapanso."

Ndinayang'ana kope langa. Ndinali nditataya tsiku pafupifupi lathunthu kuthamangitsa mapeto omwe anthu opanga gemuyo sanaikemo. Ya njerwa nayo inali yotero: zimangogwa mothamanga mpaka zikukwirire. Magemu otere amatha iweyo ukatha.

Anyina Tisa ndiwo analoza nambala 6. Anati dzulo lake anaona kuti isanayambe pamaoneka mapu okhala ndi madontho asanu ndi limodzi, ndipo chinthu chokhala ndi mapu chimakhala ndi kofikira. Munali kamunthu konyamula lupanga, koyenda kulowera kumanja, kudumpha maenje ndi kukhapa zilombo. Kumapeto kwa gawo lililonse kunali chilombo chachikulu. Unkapatsidwa miyoyo itatu. Ikatha, gemu inkakulola kupitiriza pagawo lomwelo katatu kokha, kenako umabwerera koyambirira. Ndipo inalibe posungira pomwe wafika. Ukazimitsa, zonse zapita.

Ine ndinagwa m'dzenje loyamba kasanu ndi kawiri. Dzenje limodzi lomwelo. Sindinkamvetsa chifukwa chake kamunthuko kankadumpha pang'ono pomwe ine ndinkadzuka pampando ndi thupi lonse. Mkazi wanga anapukuta manja pachitenje n'kundilanda chogwirira cha mabatani choseweretsera gemuyo. Anapeza kuti ukagwiritsa batani osalisiya msanga, kamunthuko kamadumpha patali. Anapezanso kuti zilombozo zimatulukira pamalo omwewo nthawi zonse, ndiye ntchito ndi kuloweza basi. Chilombo chachikulu choyamba chinkalavula moto katatu kenako n'kupuma, ndipo iwo ankawerenga mokweza m'Chinsenga n'kuchikhapa pa kupumapo.

Pofika nthawi yokonza chakudya chamadzulo anali atafika gawo lachinayi, mwayi wopitiriza n'kutha. Ine ndinadandaula kuti zonse zapita pachabe. Iwo anati sizinapite, njira ili m'mutu. Ndipo zinalidi choncho: Lamlungu m'mawa magawo atatu omwe dzulo lake anawadyera maola, anawadutsa madzi a tiyi asanawire bwino, osataya moyo ndi umodzi womwe.

Nthawi ya tchalitchi itakwana anali pakati pa gawo lachisanu. Tinakambirana ngati anthu osiya wodwala. Anadina batani loimitsira, tinazimitsa TV yokha n'kusiya makina akuyaka, ndipo adaputa yolumikizira makinawo ku magetsi, yomwe inali itatentha ngati mbatata yootcha, tinaiika pasimenti pafupi ndi khomo kuti izipitidwa mphepo. Ulaliki wa tsiku limenelo sindinaumve (ndinkapempherera magetsi, ndipo ndikukhulupirira kuti sindinali ndekha pabanja pathu). Titabwerako kamunthu kaja kanali chiimire pomwe tinakasiya, mwendo umodzi uli m'mwamba.

Gawo lomaliza linali lankhanza. Linawadyera mwayi wonse wopitiriza. Pofika kwa chilombo chomaliza anali ndi miyoyo iwiri, ndipo woyamba unapita asanadziwe n'komwe komwe chikumenyera. Ine ntchito yanga inali itachepa kwambiri. Ndinali nditakhala pansi pafupi ndi makina, kope pamwendo, cholembera m'manja, kudikira Chizungu cha kumapeto. Ndicho chokha chinatsala choti ndionetsere kuti m'nyumbamo muli mphunzitsi.

Anyina Tisa anagwiritsa chogwirira chija. Anadikira, anadumpha, anakhapa, anabwerera pakona. Anatero kambirimbiri. Kenako chilombo chija chinayamba kuthwanima, chinaphulika, nyimbo inaduka, ndipo TV yonse inada bii.

Apa ndipomwe ndimafuna mundimvetse. Masiku awiri onsewo, TV ikada, vuto linkakhala kaseti. Ndinaona mdimawo ndipo mtima unandiuza kuti ntchito ya mkazi wanga ikuonongeka pamaso panga, ndichitepo kanthu mwamsanga. Ndinadina chozimitsira, ndinazula kaseti, ndinaiuzira kawiri mwamphamvu, n'kuibwezera. Zonsezi ndinachita mwaluso kwambiri. Ndikukumbuka kuti chala changa chikutsika pa batanilo, khutu linamva kanyimbo kena kofewa kakuyamba, komwe tinali tisanakamvepo. Koma chala chinali chitanyamuka kale ulendo.

Nditayatsa, panabwera mndandanda uja. Nambala 1, akasinja.

Ndinayang'ana TV, ndinayang'ana mkazi wanga. Ndinafunsa kuti nanga chilombo chapita kuti. Ndinafunsadi moona mtima, chifukwa mutu wanga unali usanalumikize zomwe manja anachita. Iwo anaika chogwirira pansi pang'onopang'ono, ngati dzira.

"Munauzila ciani, awisi Tisa?"

Ndinati fumbi.

"Munaliona?"

Sanakalipe. Anakatenga lichero lawo n'kukakhala pakhonde. Ndinawatsatira n'kuwauza kuti poti njira ili m'mutu, angathe kubwerezanso, mwina ola limodzi ndi theka basi. Anandionetsa chala chawo chachikulu, chomwe chinali chitatupa kuposa changa, ndipo anati iwo gemu atsiriza, amene sanatsirize ndine.

ADaka anafika dzuwa lisanalowe, matumba a nshawa ali pa vaneti yomwe inkawadikira pamsewu. Anafunsa ngati ndapeza. Ndinati nambala 6, magawo asanu ndi limodzi, munthu wakhama aitha pa masiku awiri. Anakondwa. Kenako anafunsa kuti imatha bwanji, ndipo Chizungu chija chikuti chiyani. Ndinatsegula kope ngati kuti yankho lingamere. Pansi pa mzere wa nambala 6 panali mawu amodzi omwe ndinalemba ndisanazule kaseti: "Mdima."

Alamu anga anayang'ana mlongo wawo. Anyina Tisa anawafotokozera zonse m'Chinsenga, mosawonjezera kanthu, ndipo zinali zokwanira. ADaka anaseka mpaka woyendetsa vaneti anatsika kudzaona.

Patapita milungu itatu anatitumizira uthenga. Telala wina wa ku Nyimba anabwereka makinawo, anatsiriza nambala 6, ndipo TV itada anakhala manja ali pamwendo. Akuti mdimawo umatenga kanthawi kochepa ngati kumeza mate kawiri. Kenako kamunthu kaja kamaoneka kakutsika phiri dzuwa likutuluka, kamadutsa malo onse omwe kanavutikamo koma opanda chilombo, kamafika pakhomo pake n'kuika lupanga pansi, mayina a opanga gemuyo akukwera pang'onopang'ono. Telalayo akuti anabwereka kachiwiri kuti akaonetse mkazi wake. Nambala 6 inayendetsa bizinesi ya aDaka chaka chonsecho, ndipo ankauza aliyense wobwereka kuti ikada kumapeto asachite za aphunzitsi a ku Petauke.

Anyina Tisa anamvetsera uthengawo mpaka kumapeto, anagwedeza mutu, n'kunena kuti ndi momwe ankaganizira, kuti kamunthuko kankangofuna kupita kwawo. Sanagwirenso gemu chiyambire pamenepo.

Ine ndinaphunzirapo kuti chinthu chikakhala chete si nthawi zonse pomwe chimafuna mphunzitsi. Ndimayesetsa kukumbukira zimenezi. Koma ndisaname, kasetiyo inkaonekadi ngati ili ndi fumbi.